Kalata yotseguka kwa Aphunzitsi Aakulu: tisinthe thayimutebulo teremu ikubwerayi

Okondedwa Aphunzitsi Aakulu,

Ndikupempha kuti teremu ikubwerayi tisunthe bureki yoyamba kuchoka pa 9:30 kupita pa 10:10, ndipo phunziro lililonse la sayansi likhale ndi mapiriyodi awiri otsatizana kamodzi pa sabata. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi ikhudza aphunzitsi onse 15 ndi makolo omwe, ndipo ndi bwino aliyense aone masamu ake asanafike pamsonkhano. Pali njira zitatu zimene ndaziyeza. Ndikuuzani mtengo wa iliyonse, koma sindibisa kuti ndili ndi imene ndaikonda.

Mmene zilili panopa mukuzidziwa. Tili ndi makalasi 8, labu imodzi, ndi mapiriyodi 9 a mphindi 40 pa tsiku, atatu m'mawa, atatu bureki ikatha, atatu masana. Kalasi iliyonse imaphunzira bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi, phunziro lililonse kanayi pa sabata, piriyodi imodziimodzi. Papepala palibe cholakwika, mphindi zimene silabasi imafuna zikukwana. Vuto limaoneka mukaima pakhomo la labu ndi wotchi.

Belu likalira, ana 50 amatenga mphindi 5 kuti achoke m'kalasi ndi kukhazikika m'magulu. Mphindi zina 8 zimathera kufotokoza zochita ndi kugawa zida. Kumapeto timasiya mphindi 10 zotsuka, kuwerenga zida ndi kupukuta matebulo, chifukwa kalasi ina ili kale panja. Zonsezi ndi mphindi 23, ndipo sizichepa kaya piriyodi ndi yaitali kapena yaifupi. Pa mphindi 40 zija, zogwira ntchito ndi manja ndi 17 zokha. Tengani ntchito yodontheza asidi kuchokera mu byureti, chubu chachitali chagalasi chokhala ndi miyeso, mpaka madzi a m'botolo asinthe mtundu. Mwana wongoyamba kumene amafunika mphindi pafupifupi 10 kuti achite kamodzi, ndipo ayenera kubwereza mpaka mayankho awiri agwirizane. Chimene chimachitika n'choti gulu limachita kamodzi, asidi n'kupitirira muyeso, ndipo akamadzazanso byureti ine ndayamba kale kukuwa kuti tsukani. Mankhwala timawathira m'sinki, m'makope muli nambala imodzi yopanda ntchito. N'chifukwa chake ambirife tinangosiya, timachita tokha kutsogolo ana n'kumaonerera, ndiye pamayeso ogwira ndi manja mwana amagwira pipeti, chida chotungira madzi a muyeso wake, ngati sanaionepo.

Mapiriyodi awiri otsatizana ndi mphindi 80. Mukachotsa 23 zija zimatsala 57, kuposa katatu zimene tili nazo lero, osawonjezera ngakhale mphindi imodzi pa sabata ya mwana. Koma makalasi 8 kuchulukitsa ndi maphunziro atatu ndi maulendo 24 olowa mu labu pa sabata. Mmene mabureki alili panopa, chigawo chilichonse cha mapiriyodi atatu chimangolola awiri otsatizana kamodzi, ndiye labu ingalandire maulendo atatu pa tsiku, 15 pa sabata. Funso lonse la thayimutebulo yatsopano lagona pamenepa: 24 alowa bwanji?

Njira yoyamba ndiyo kusintha tsiku lonse kuti likhale la mapiriyodi 6 a ola limodzi. Mphindi za tsiku zikhalabe 360. Labu ikhala ndi malo 30 pa sabata, ndiye 24 alowa bwinobwino. Palinso phindu lina, loti kalasi iziyamba phunziro ka 6 m'malo mwa ka 9, ndipo ngati kuyamba kulikonse kumadya mphindi 5, tapulumutsa 15 pa tsiku. Aphunzitsi angapo amaikonda njira imeneyi ndipo ndikumvetsa.

Mtengo wake wabisala m'kagawidwe. Phunziro la sayansi lili ndi mphindi 160 pa sabata, zimene sizigawika m'maola athunthu. Tikalipatsa maola awiri silabasi siitha. Tikalipatsa atatu, kalasi iliyonse ikhala ndi mphindi 540 za sayansi m'malo mwa 480, ndipo ola lowonjezeralo liyenera kulandidwa kwa phunziro lina. Ndikufuna ndione amene adzapite kukauza a mbiri kapena a chilankhulo kuti ola lawo latengedwa. Komanso aphunzitsi atatu a sayansi ali kale ndi mapiriyodi 32 aliyense pa 45, pamene anzathu 12 enawo ali ndi pafupifupi 22. Mapiriyodi 32 ndi maola 21 ndi mphindi 20. Panjira imeneyi afika maola 24 pa 30. Zowonjezerazo pamodzi ndi maola 8 pa sabata, pafupifupi theka la ntchito ya mphunzitsi wamba pasukulu pano. Ndiye mtengo weniweni ndi theka la malipiro a mphunzitsi, mwezi ndi mwezi, ngati munthu wa sayansi wolola ntchito ya theka angapezeke n'komwe. Pamwamba pa izi mphunzitsi aliyense ayenera kulembanso mapulani ake a chaka chonse. Ndalama zonsezi zingotigulira mphindi 37 zogwira ntchito mu labu, zimene n'zochepabe pa ntchito ya byureti ija.

Njira yachiwiri ndiyo kusunga mapiriyodi a mphindi 40, kusuntha bureki, kenako kuwonjezera piriyodi ya 10 masiku anayi pa sabata kwa kalasi imodzi yokha imene ili mu labu. Kusuntha bureki kupatsa labu maulendo 20 pa sabata, piriyodi ya 10 iwonjezera anayi, ndiye maulendo 24 akwana ndendende. Sindiilimbikitsa. Ana ena aziweruka 3:10 anzawo atapita 2:30, kalasi yotsalirayo ikhala ndi piriyodi yopanda phunziro nthawi ina imene ifunika woiyang'anira, ndipo labu idzadza kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu popanda mpata wokonzera zida. Ndalama sizituluka zambiri, koma madzi akangosowa tsiku limodzi palibe poikanso kalasi imene yaphonya.

Njira yachitatu ndi imene ndikupempha. Mapiriyodi akhale momwemo, nthawi yolowa, ya nkhomaliro ndi yoweruka isasinthe. Bureki yoyamba yokha ichoke pa 9:30 ipite pa 10:10. Tikatero m'mawa mukhala mapiriyodi anayi, kuyambira 7:30 mpaka 10:10, kenako awiri kuyambira 10:30 mpaka 11:50, kenako atatu masana. Labu ilandira maulendo anayi pa tsiku, 20 pa sabata. Atsalabe anayi opanda malo, ndipo yankho lake n'loti si ntchito yonse ya manja imafuna labu. Labu imafunika pamene pali moto, asidi, gasi ndi sinki. Bayoloje ya makalasi anayi aang'ono ndi kuona masamba ndi maluwa ndi galasi lokuza zinthu, kuyeza kugunda kwa mtima, kumeretsa mbewu m'mabotolo. Fizikisi yawo ndi kuyeza kutalika, kutamula sipuling'i ndi zolemera, kuwerenga nthawi ya chingwe cholendewera. Zimenezi zitheka padesiki. Tikachotsa maulendo 8 amenewa, mu labu mutsala 16 pa malo 20. Malo anayi otsalawo ndi a kalasi yaing'ono sabata imene ikufunikadi moto, monga poyeza shuga m'chakudya potenthetsa, ndi obwezera kalasi imene yaphonya.

Zogula zake ndi mabokosi awiri okhoma, limodzi la bayoloje, lina la fizikisi, lililonse lokhala ndi zida za magulu 10 a ana asanu. Zolemera ndi marula aatali tili nazo kale. Zosowa ndi magalasi okuza zinthu 10, masipuling'i 10, mawotchi oyezera nthawi 10, ndi mabeseni awiri ndi ndowa ziwiri zotsukira m'kalasi. Izi timagula kamodzi, kenako n'kumangobwezera zosweka. Palibe malipiro atsopano, palibe phunziro lotaya mphindi, ndipo aphunzitsi a sayansi akhalabe pa 32. Ntchito yolemba thayimutebulo ifuna aphunzitsi awiri masiku awiri nthawi ya holide, ndi pepala losindikizira.

Njirayi ili ndi zopweteka zake, ndipo ndi bwino muzimve kwa ine zisanakupezeni. Ana azikhala mphindi 160 asanapume. Kwa aang'ono ndi nthawi yaitali, n'chifukwa chake ndikupempha kuti mapiriyodi awo achitatu ndi achinayi akhale a ntchito ya manja kapena masewero pamene zingatheke, osati masamu. Chachiwiri, mwana azikumana ndi phunziro lililonse la sayansi masiku atatu pa sabata m'malo mwa anayi, ndiye masiku atatuwo atalikirane, asaunjikane kumayambiriro kwa sabata. Chachitatu, mphunzitsi akadwala kalasi ikhala yokha mphindi 80, ndipo tsiku la tchuthi likagwa Lolemba makalasi amene anali ndi ntchito ya manja tsikulo ataya ntchito ya phunzirolo ya sabata yonse. Malo anayi aja athandiza, koma sathetsa zonse.

Choopsa kwambiri chili mwa ife eni. Mphunzitsi atha kulandira mphindi 80 n'kuzithera kulemba manotsi pabolodi, ndipo apo ndiye kuti tavutitsa sukulu yonse pachabe. N'zosavuta kuzindikira. Tiike kaundula pakhomo la labu ndi wina m'bokosi lililonse, wolembamo tsiku, kalasi, ntchito imene yachitika, ndi ngati magulu anamaliza. Teremu ya masabata 12 iyenera kuonetsa mizere 288. Ikatha muwerenge nokha. Mizere ikachepera theka, bwezani bureki pa 9:30 ndipo sindidzatsutsa.

Pa kalembedwe, olemba thayimutebulo ayambe ndi maulendo 16 a mu labu, chifukwa amenewa ndiwo sasunthika. Atsatire 8 a mabokosi, poonetsetsa kuti bokosi limodzi silikufunika m'makalasi awiri nthawi imodzi, ndipo mphunzitsi asapitirire maulendo awiri otere pa tsiku. Kemisitiri iwiri isatsatizane popanda bureki pakati, popeza wosakaniza mankhwala ndi wotsuka ndi munthu mmodzi yemweyo. Kenako aike masamu ndi zilankhulo, zimene zimafuna kuoneka tsiku lililonse, ndipo maphunziro enawo adzaze motsala. Akayamba ndi masamu monga timachitira, pofika pa sayansi apeza mipata ya piriyodi imodziimodzi yokha.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pamsonkhano wa aphunzitsi wotsekera teremu ino, ndipo mukavomera mulole ndalama za mabokosi zituluke sukulu isanatsekere, kuti zida zifike ana asanabwere. A gawo lathu takonzeka kupereka munthu mmodzi mwa awiri olemba thayimutebulo. Winayo achokere kugawo lina, kuti pasakhale wonena kuti a sayansi adzisankhira nthawi zabwino.

Ine wanu,
Mkulu wa gawo la sayansi