Lipoti la Msonkhano wa Kawerengedwe ka Malipiro a Ovataimu

A Wapampando ndi mamembala onse a komiti ya ogwira ntchito kuno ku Luwinga, ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma ku Katoto, womwe unali wophunzitsa nthumwi momwe malipiro a ovataimu amawerengedwera kuchokera pa pepala la maola.

Otiphunzitsa anayambira pa Lamulo la za Ntchito la mu 2000, limene limati maola a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, ndipo m'gawo 39 limagawa ovataimu patatu. Maola owonjezera pa tsiku lantchito amalipidwa kamodzi ndi theka pa mtengo wa ola limodzi, pamene ntchito ya pa tsiku lopuma ndiponso ya pa tsiku la tchuthi cha boma, monga 6 Julayi, imalipidwa kawiri. Iyi ndi miyeso yotsikitsitsa. Mgwirizano wa ntchito ukhoza kukweza koma sungachepetse.

Chimene ndikufuna tigwirizanepo ndi nkhani ya Loweruka, chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti Loweruka lililonse ndi la kawiri. Lamulo limanena za tsiku limene munthuyo akanakhala akupuma, osatchula Loweruka kapena Lamulungu. Choncho tisanayambe kuchulukitsa chilichonse, tiyenera kutsegula kalata ya mgwirizano wa ntchito n'kuona masiku amene munthuyo analembedwera.

Chitsanzo chimene tinawerengera limodzi chinali cha munthu wolandira K234,000 pa mwezi, wogwira maola asanu ndi atatu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndi maola asanu Loweruka, onse pamodzi 45 pa sabata. Tinapeza mtengo wa ola pochulukitsa malipirowo ndi miyezi 12, kugawa ndi masabata 52, zomwe zinapereka K54,000 pa sabata, kenako kugawanso ndi 45. Ola limodzi linakhala K1,200, kutanthauza kuti ola la ovataimu wamba ndi K1,800 ndipo la tsiku lopuma ndi K2,400.

Munthuyu amalowa 7:30 m'mawa n'kuweruka 4:30 madzulo, ola la nkhomaliro osawerengedwa. Pepala lake likuonetsa kuti Lachiwiri anaweruka 6:00, choncho anawonjezera ola limodzi ndi theka. Lachinayi anaweruka 7:15 usiku, ndiwo maola awiri ndi mphindi 45. Loweruka anayenera kutuluka 12:30 koma anatuluka 2:30 osapumako, ndipo popeza Loweruka ndi tsiku lake lantchito, maola awiri okhawo ndiwo ovataimu, ya kamodzi ndi theka. Lamulungu, tsiku lake lopuma, anaitanidwa kudzatsitsa katundu kuyambira 8:00 mpaka 12:00.

Apa ndi pamene nthumwi zambiri zinasiyana mayankho. Ola lili ndi mphindi 60, ndiye mphindi ziyenera kugawidwa ndi 60 zisanalowe m'kawerengedwe: mphindi 30 ndi 0.5, mphindi 45 ndi 0.75. Maola owonjezera amakhala 1.5 ndi 2.75 ndi 2, onse 6.25, ndipo pa K1,800 amapereka K11,250. Amene anangokopera manambala monga aonekera pa wotchi, 1.30 ndi 2.45, anapeza maola 5.75 ndi K10,350. Kusiyana kwa K900 pa sabata imodzi kumaoneka kochepa, koma kalaliki akamalakwitsa chimodzimodzi kwa aliyense sabata ndi sabata, ndalamayo imachuluka popanda wina kudziwa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: pepala la malipiro likamaonetsa maola othera ndi .30 kapena .45, funsani.

Maola anayi a Lamulungu pa K2,400 ndi K9,600. Ovataimu yonse ya sabatayo ndi K20,850, msonkho usanadulidwe, pamwamba pa K54,000 ya masiku onse.

Mayi wina anafunsa kuti zikanakhala bwanji munthuyo akanalembedwa kugwira mpaka Lachisanu basi. Anayankhidwa kuti, mtengo wa ola ukakhala womwewo, maola onse asanu ndi awiri a Loweruka akanalipidwa kawiri, K16,800, pamene mwa kawerengedwe koyamba tsikulo linabweretsa K9,600, kuphatikiza K6,000 ya maola asanu a masiku onse ndi K3,600 ya ovataimu. Ine ndikuona kuti mikangano yambiri ya pakati pathu imachokera pomwepa, poti anthu awiri angagwire Loweruka limodzi n'kulandira mosiyana popanda wina kuberedwa.

Ndikupempha komiti ivomereze kuti aliyense azilemba m'kope lake nthawi yolowera ndi yowerukira tsiku lomwelo, kapitawo n'kusayinira, komanso kuti tipemphe abwana azisiyanitsa mitundu itatu ya ovataimu pa pepala la malipiro, uliwonse ndi maola ake. Dandaulo likakanika kutha pa ntchito limapita ku ofesi ya zantchito kuno ku Mzuzu, kumene kopelo ndi kalata ya mgwirizano zingakhale umboni wa wodandaulayo.