Kalata kwa mwana wanga ku Joni

Mwana wanga,

Ndamva kuti Lamulungu lapitali munakangananso ndi amake Tadala mpaka unawadulira foni. Usafunse wandiuza ndani. Chikundidetsa nkhawa ndi chakuti mkangano wake ndi womwewo mwezi ndi mwezi, ukangotumiza ndalama basi, iwe ukuti zija za mwezi watha zapita kuti, iwo akuti sizikukwana, kenako kulira, kenako sabata yonse osalankhulana.

Tamvera. Chaka chatha unkatumiza R1,500, anadandaula, unakweza kufika R2,000. Mkangano unatha? Sunathe. Ndiye dziwa kuti vuto si kuchepa kwa ndalamazo ayi. Inde zinthu zadula, chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 shuga, sopo, feteleza zonse zinakwera, koma likanakhala vuto lokhalo bwenzi utawonjezera paja mutapumako ngakhale miyezi iwiri. Mkangano umene wapatsidwa yankho lake koma ukubwerabe ndiye kuti yankholo linayankha funso lina.

Ine ndakhala nawo pafupi amake Tadala, ndimamva mawu amene amanena kumapeto, akatopa kuwerengera za fizi ndi chigayo. Amati "ine pakhomo pano ndine ndani?" Mawu enieni ndi amenewo. Iwe ndalama za malata unatumiza kwa mlongo wako, za simenti unatumiza kwa mnzako uja, mkazi wako anangoona ngolo ikutsitsa matumba pakhomo pake iye osadziwa kanthu, anthu oyandikana nawo akuyang'ana. Kenako pa R2,000 yakeyo ukufuna akuwerengere mpaka ya machesi. Mwana wanga zimenezi zimapweteka. Akamati ndalama sizikukwana akunena kuti sukundikhulupirira, koma mawu amenewo ndi olemera kuwatchula kwa mwamuna amene ali kutali, ndiye amagwira a ndalama chifukwa ndi osavuta.

Iwenso ndikukudziwa, ndinakubereka ndine. Si machesi amene akukuvuta. Ukuopa kudzabwera chimanjamanja ngati amalume ako aja, zaka zonse zija kunja, pobwera chikwama chimodzi nyumba palibe. Umagona m'kachipinda ndi anzako, umadzimana, ndiye ukamva kuti zatha mtima umadumpha. Koma unayamba wamuuzapo mkazi wako kuti ndikuopa? Ayi. Umangofunsa ngati wapolisi.

Ndikukumbukira bambo ako, Mulungu awuse mzimu wawo. Itadutsa njala ya 2002 ija chaka chilichonse tikakolola tinkakangana, ine ndikufuna kugulitsako matumba awiri a fizi yako, iwo akukana mpaka kukalipa ngakhale nkhokwe ili yodzadza. Zinatha tsiku limene ananena okha usiku kuti sangapirirenso kuona ana akugona ndi madeya m'mimba. Tinangogwirizana matumba oti asakhudzidwe mpaka Febuluwale, otsalawo ndigulitse ndikafuna. Sitinakanganenso za chimanga.

Ndiye chita izi. Usadikire tsiku lotumiza ndalama, tsiku limenelo nonse mumakhala mwanola kale mawu. Imba pakati pa mwezi, ana atagona, ndipo imba foni yeniyeni, osati mavoisi a pa WhatsApp amene munthu amamvera kasanu akuwonjezera mkwiyo. Umufunse kuti kodi tikamakangana za ndalama chimene chimakupweteka kwambiri ndi chiyani, ukatero khala chete. Ayamba ndi fizi, msiye, ayamba ndi mlongo wako, usamuikire kumbuyo mlongo wakoyo, ingomvera. Akamaliza bwereza zimene wamva, kuti ndiye ukutanthauza kuti ndimakudutsa pa zinthu za nyumba yako? Ukalasa penipeni udzadziwa, mawu amatsika, mwina alira koma kulira kwake kosiyana ndi kwa masiku onse. Akati ayi si zimenezo, funsanso, usakwiye. Kenako nawe unene zako za mantha zija, usachite manyazi, ndi mkazi wako.

Mukatero mugwirizane chinthu chimodzi chogwirika. Ine ndikuona kuti ndalama za nyumba zizidzera kwa iye, azigula yekha ndi kusunga malisiti, za pakhomo usamamuwerengere. Mlongo wako ndilankhula naye ndine, asakudandaulitse.

Koma ndikuuziretu, ngati pali zina zimene sindikuzidziwa, kaya mowa kaya mkazi wina kumeneko, ndiye kufunsana mokoma sikuthandiza, imeneyo ndi nkhani ya ankhoswe ndipo ndidzawaitana ndekha. Ndipo kudula foni kuja usiye. Usiye ndithu, munthu ali yekha ndi ana usiku umudulire foni, agona bwanji?

Tadala wakhoza mayeso, akufunsa ngati ubwera pa Khirisimasi. Undiyankhe ukalankhula nawo amake. Uzivala zofunda, ndamva kumeneko kwazizira.

Ndine mayi ako.