Chithunzi cha amayi cha ku ukwati

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Joniko. Kuno tili bwino, kwangotentha.

Zithunzi zitatu za amayi ndalandira, pamodzi ndi cha pagulu cha ku ukwati chija anatsinzinamo. Pofuna kukonza cha pagulucho poikapo nkhope ina ya amayi, iwe ukufuna titenge ya pa chachiwiri poti ndi chooneka bwino. Ine ndikuti ayi, titenge ya pa choyamba.

Tayang'anitsitsa cha pagulucho. Amayi atembenukira pang'ono kwa mkwatibwi: khutu limodzi likuoneka lonse, linalo labisika, ndipo nsonga ya mphuno yayandikira tsaya la mbali imene atembenukirayo. Pa chachiwiri ayang'ana kamera mwachindunji, makutu onse awiri ali poyera. Mutu ukangopendekera ku phewa, si vuto. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP ndimauzunguza ndi Rotate n'kukhala bwino. Koma wotembenuka sukonzeka choncho, chifukwa mbali ya nkhope imene kamera sinaone mulibemo m'chithunzimo. Ndikakakamiza, nkhope idzayang'ana kwina khosi ndi mapewa zikuloza kwina, ndipo ngakhale mwana adzaona kuti awa si agogo ake.

Chachitatu anadzijambula okha foni ili m'munsi. Mphuno zikuonekera kunsi, chibwano chakula, chipumi chachepa, pamene wojambula wa ku ukwati anaima patali kamera ili pa msinkhu wa maso. Chimenecho tichisiye.

Palinso nkhani ya kuseka. Pa chachiwiri chomwecho akuseka mano onse pamtunda. Munthu akaseka choncho masaya amakwera, maso amachepa, chibwano chimatsika, nkhope yonse n'kutalika. Pa cha pagulu angomwetulira pakamwa pali potseka. Nkhope yaitaliyo singakwane pamenepo popanda kudya khosi, ndipo kutengapo maso okha sikungathandize, popeza maso a munthu woseka amafuna masaya okwera pansi pake.

Chithunzi choyamba ndachiyesa motere: ndaika nkhopeyo pamwamba pa cha pagulu, ndatsitsa Opacity kufika pa 50 kuti zonse ziwiri zizioneka, kenako ndagwiritsa ntchito Scale ndi Rotate mpaka maso agwirizana. Ndiye ndayang'ana mphuno, ngodya za milomo ndi chibwano. Zonse zagwera pamalo pake osakoka chilichonse. Zoti n'chodera pang'ono usadandaule nazo, kuwala ndi mtundu ndikonza, bola mthunzi uli mbali yomweyo, ndipo ulidi mbali yomweyo.

Mwina unena kuti chithunzi choyang'ana mbali inayo tingachitembenuze ndi Flip. Kwa amayi sindingayerekeze. Kachipsera ka pa tsaya lawo kangasamukire tsaya linalo, ndipo a pabanja angazindikire msanga.

Ndisanayambe, ufunse achemwali ako ngati wojambula uja anawapatsa zithunzi zonse. Ojambula gulu amakonda kudina kangapo motsatizana. Chikapezeka china cha mphindi yomweyo amayi akupenya, chidzaposa zitatu zonsezi, chifukwa mutu, kuwala ndi duku zidzakhala zomwezo.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Zomba