Lipoti la msonkhano: kutsimikizira kuti ROLLBACK ikubwezadi ndalama pamene kusamutsa kwalephera pakati

A Wapampando ndi mamembala onse a komiti,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa anthu oyang'anira madetabesi a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo munandipatsa funso limodzi loti ndikabwere ndi yankho lake: kodi tingadziwe bwanji kuti pulogalamu yathu, ikamachotsa ndalama mu akaunti ya membala wina n'kuika mu akaunti ya mnzake, siingasiye ntchitoyo ili theka? Nkhani zina zimene zinakambidwa ndidzazifotokoza pakamwa tikakumana. Pano ndalemba za funso lanulo lokha, chifukwa ndi limene tinaligwira ndi manja athu, aliyense pa kompyuta yake.

Kusamutsa ndalama kumaoneka ngati chinthu chimodzi kwa membala amene waima pa kauntala, koma kwa detabesi ndi malamulo awiri osiyana, lina lochotsa ndipo lina loonjezera. Tiranzakishoni ndi njira yomangira malamulo awiriwa pamodzi ngati mtolo, kuti achitike onse kapena asachitike ndi limodzi lomwe. Mtolowo umayamba ndi BEGIN, ndipo umatha ndi COMMIT ngati zonse zayenda, kapena ndi ROLLBACK ngati tikufuna kuti zonse zibwerere mmene zinalili. Izi ambiri a ife tinkazidziwa kale. Mayi amene ankatsogolera phunziroli anatifunsa kuti ndi angati amene anayesapo dala kulepheretsa lamulo lachiwiri n'kuona zotsatira zake, ndipo ine sindinali m'gulu la amene anakweza dzanja.

Tinayamba ndi PostgreSQL, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsa madetabesi, pa detabesi yoyeserera yopanda ndalama za munthu aliyense. Tinapanga tebulo la maakaunti awiri okha:

```sql
CREATE TABLE akaunti (
  nambala INT PRIMARY KEY,
  ndalama NUMERIC(14,2) NOT NULL CHECK (ndalama >= 0)
);
INSERT INTO akaunti VALUES (101, 500000), (102, 120000);
```

Akaunti 101 inali ndi K500,000 ndipo 102 inali ndi K120,000, zonse pamodzi K620,000. Nambala imeneyi tinauzidwa kuti tiilembe papepala tisanakhudze chilichonse, chifukwa kusamutsa ndalama pakati pa maakaunti awiri sikuyenera kusintha chiwerengero cha zonse pamodzi, kaya kwatheka kaya kwalephera. Mawu akuti CHECK pa tebuloli ndi amene amakaniza akaunti kutsika pansi pa ziro, ndipo ndi amene tinagwiritsa ntchito polepheretsa lamulo lachiwiri.

Apa pali mfundo imene ndikanaiphonya ndikanakhala ndekha. Ngati lamulo lolephera ndi loyamba, kuyesako sikusonyeza kanthu, popeza palibe chimene chinasintha choti chibwezedwe. Choncho tinatembenuza dongosolo dala: tinayamba ndi kuonjezera K600,000 ku akaunti 102, zimene zimatheka popanda vuto, kenako n'kuyesa kuchotsa ndalama zomwezo ku 101, imene ilibe zokwanira.

```sql
BEGIN;
UPDATE akaunti SET ndalama = ndalama + 600000 WHERE nambala = 102;
SELECT SUM(ndalama) FROM akaunti;
UPDATE akaunti SET ndalama = ndalama - 600000 WHERE nambala = 101;
ROLLBACK;
```

Malamulowa tinkawalemba limodzilimodzi, n'kumaima kuti tione. Lamulo loyamba linayankha `UPDATE 1`, kutanthauza kuti mzere umodzi wasintha, ndipo chiwerengero cha zonse chinaonetsa `1220000.00`. Umenewu unali umboni wakuti gawo loyamba lachitikadi mkati mwa tiranzakishoni. Tili pomwepo, tinatsegula windo yachiwiri pa detabesi yomweyo n'kufunsa chiwerengero chomwecho, ndipo kumeneko kunatuluka `620000.00`. Ndiye kuti wogwira ntchito wina amene angayang'ane akaunti 102 pa mphindi imeneyo saona ndalama zimene sizinatsimikizidwe ndi COMMIT, ndipo sangamuuze membala kuti ali ndi K720,000.

Lamulo lachiwiri linakanidwa ndi uthenga uwu:

```
ERROR: new row for relation "akaunti" violates check constraint "akaunti_ndalama_check"
```

Kuchokera pamenepo PostgreSQL inakana china chilichonse, ngakhale SELECT wamba, ndipo inkangoyankha kuti `current transaction is aborted, commands ignored until end of transaction block`. Titalemba ROLLBACK n'kufunsanso, 101 inali ndi K500,000, 102 inali ndi K120,000, ndipo chiwerengero chinagwirizana ndi chimene chinali papepala. Mnyamata amene ndinakhala naye moyandikana analemba COMMIT m'malo mwa ROLLBACK kuti aone ngati theka la ntchito lingasungidwe, koma detabesi inamuyankha ndi mawu akuti `ROLLBACK` ndipo sinasunge kanthu.

Kenako tinabwereza zonsezi popanda BEGIN. Ngati simunatsegule tiranzakishoni, lamulo lililonse limadzitsimikiza lokha likangotha, motero akaunti 102 inatsala ndi K720,000 pamene 101 inali ikadali ndi K500,000 yake. Ndalama zokwana K600,000 zinabadwa popanda wozisungitsa, ndipo ROLLBACK imene tinalemba pambuyo pake inangotichenjeza kuti palibe tiranzakishoni imene ikuchitika. Kuyesa kwachiwiriku n'kofunika mofanana ndi koyamba kuja, chifukwa kumasonyeza kuti muyeso wathu ungathe kugwira cholakwika chikakhalapo.

Tinayesanso zimene zimachitika kompyuta ikaduka pakati, monga zimakhalira magetsi akathima. Tinatsegula tiranzakishoni, n'kuchita lamulo loyamba, kenako n'kutseka windo osalemba COMMIT kapena ROLLBACK. Titalowanso, ndalama zinali mmene zinalili poyamba, popeza detabesi imataya yokha ntchito iliyonse imene sinatsimikizidwe.

Gawo limene ndikupempha kuti muliwerenge mosamala ndi ili, chifukwa ndi limene linandichititsa mantha. Pali kulephera kwina kumene detabesi siikuona ngati kulephera. Tinabwezeretsa maakaunti aja mmene analili, ndipo tinasamutsa K80,000 kuchoka ku 101 kupita ku 102, koma polemba nambala ya wolandira tinalakwitsa dala n'kulemba 120, akaunti imene kulibe.

```sql
BEGIN;
UPDATE akaunti SET ndalama = ndalama - 80000 WHERE nambala = 101;
UPDATE akaunti SET ndalama = ndalama + 80000 WHERE nambala = 120;
COMMIT;
```

Panalibe uthenga uliwonse wosonyeza cholakwika. Lamulo lachiwiri linayankha `UPDATE 0`, ndipo kwa detabesi kusintha mizere ziro ndi ntchito imene yatheka bwinobwino, basi palibe mzere umene wapezeka. COMMIT inadutsa. Akaunti 101 inatsala ndi K420,000, 102 sinalandire kanthu, ndipo zonse pamodzi zinatsika kufika pa K540,000. Tiranzakishoni inalipo, BEGIN ndi COMMIT zinalembedwa m'malo mwake, komabe K80,000 ya membala inasowa. Njira yotchingira zimenezi ili mu pulogalamu imene ikutumiza malamulowo: pambuyo pa UPDATE iliyonse iwerenge kuti ndi mizere ingati yasintha, ndipo ngati si mzere umodzi ndendende, iitane ROLLBACK yokha. Kunena zoona, zaka zonsezi ndinkadutsa mawu akuti `UPDATE 1` osawayang'ana, ngati mmene munthu amadutsira chikwangwani cha pamsewu wa kwawo.

Tsiku lachiwiri tinachita zomwezo pa MySQL, ndipo pano ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji, popeza pulogalamu yathu imasunga maakaunti mu MySQL. Khalidwe lake n'losiyana pa mfundo zingapo. Lamulo lachiwiri likakanidwa ndi CHECK, MySQL imabweza lamulo lokhalo ndipo tiranzakishoni imakhala ikadali yotseguka, moti mnyamata uja atabwereza kulemba COMMIT, ulendo uno akaunti 102 inasungadi K720,000. Choncho ngati khodi yathu imangogwira cholakwika n'kuchilemba penapake kenako n'kupitiriza mpaka pa COMMIT, theka la ntchito lidzasungidwa.

Komanso ROLLBACK mu MySQL imadalira mtundu wa tebulo. Matebulo a InnoDB amabweza, koma a MyISAM sadziwa tiranzakishoni n'komwe, ndipo mukalemba ROLLBACK mumangolandira chenjezo lakuti `Some non-transactional changed tables couldn't be rolled back`, limene pulogalamu yambiri siiwerenga. Mapulogalamu amene analembedwa kalekale kawirikawiri amakhala ndi matebulo a MyISAM, chifukwa ndiwo unali mtundu umene MySQL inkasankha yokha isanafike pa vezhoni 5.5. Lamulo la `SHOW TABLE STATUS` limaonetsa mtunduwu pansi pa mutu wakuti `Engine`. Ndiponso MySQL inayamba kutsatiradi CHECK kuyambira pa 8.0.16, imene inatuluka mu 2019. Zakale kuposa pamenepo zimalandira mawuwo popanga tebulo koma sizikaniza kanthu, kotero kuti akaunti 101 ikanangotsika mpaka K100,000 pansi pa ziro mwakachetechete. Lamulo la `SELECT VERSION();` limauza imene tili nayo.

Malire ena a ROLLBACK ndi akuti imabweza za mu detabesi zokha. Uthenga wa pafoni umene watumizidwa kwa membala, kapena lisiti limene lasindikizidwa, sizibwerera, choncho ziyenera kutuluka COMMIT itatheka, osati pakati pa malamulo awiri aja. Ndikukumbukira kuti chaka chatha membala wina anabwera ndi uthenga wakuti walandira ndalama pamene m'buku mwake munalibe. Nthawi imeneyo tinaimba mlandu netiweki, koma tsopano ndikufuna ndione kaye mzere wa khodi umene umatumiza uthengawo.

Pa zimene ndaona, ndikupempha komiti ivomereze kuti ndikopere detabesi yathu pa kompyuta ina, osati pa seva imene tikugwiritsa ntchito, ndipo ndiyese kusamutsa ndalama kudzera mu pulogalamu yathu yeniyeniyo osati polemba SQL pamanja, chifukwa chimene tikukayikira ndi khodi yathu. Ndidzayesa katatu: pamene wotumiza alibe ndalama zokwanira, pamene nambala ya wolandira kulibe, ndi pamene pulogalamu yatsekedwa pakati pa malamulo awiriwo. Ulendo uliwonse ndidzalemba ndalama za maakaunti awiriwo ndi chiwerengero cha zonse pamodzi ndisanayambe ndiponso nditamaliza. Ndikupemphanso kuti a msungichuma akhalepo pa tsikulo ndipo akhale iwo ogwira pepala la manambalawo, kuti amene akufananitsa asakhale yemweyo amene akuyesa. Ntchitoyi ingathe m'mawa umodzi, ndipo mtundu wa matebulo athu ndidzakhala nditauona kale tisanakumane.

Ine wanu,
Nthumwi ya komiti