Malangizo aulere asatitseke maso pogula mbewu

Akonzi,

Mvula ikayandikira, ogulitsa mbewu ndi feteleza amafika m'misika yathu ndi zimkuzamawu komanso malangizo aulere. Zambiri zimene amanena n'zoona ndithu: mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, ndipo Urea athiridwe patatha masiku 21 chimanga chitamera. Alangizi a boma amatiuzanso zomwezi.

Koma mlimi akamva mfundo zoonazi amayamba kukhulupirira chilichonse. Chaka chatha malume anga kuno ku Balaka anamvetsera, nagula pomwepo makilogalamu 10 a mbewu yochedwa kucha. Wogulitsayo anatchula matumba amene angakolole, koma masiku amene mbewuyo imatenga kuti ikhwime sanawatchule. Kwathu kuno mvula imadula msanga, ndiye chimangacho chinauma chikadali chachiwisi. Zinandipweteka mtima, pakuti feteleza anali wangongole.

Alimi anzanga, langizo landirani, koma ndalama isatuluke musanafunse kuti mbewuyo imacha pamasiku angati. Onaninso chizindikiro cha papaketi chosonyeza tsiku limene anaiyeza, ndipo mutenge lisiti. Mukafika kunyumba fesani njere 20 pambali n'kumathirira. Zikamera zosakwana 18, bwererani nayo nthawi yodzala isanakwane.

Mlimi wokhudzidwa,
Balaka