Kuchepa kwa mpweya wa kaboni si chifukwa chouderera

Akonzi,

Ndalemba kalatayi ndili wokhumudwa ndi zimene ndinamva ndi makutu anga pa mwambo wobzala mitengo umene unachitika masabata apitawa m'munsi mwa phiri la Zomba, umene nyuzipepala yanu inaulemba ndi zithunzi zokongola. Owerenga akukumbukira kuti mlendo wolemekezeka wa tsikulo, mkulu wovala suti amene anatidikiritsa padzuwa maola awiri, anauza ana asukulu kuti nkhani ya mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi yoopsezera anthu chabe, chifukwa mpweyawu ndi 0.04 peresenti yokha ya mpweya wonse. Anafunsa monyada kuti kanthu kochepa chotero kangatenthetse bwanji dziko lonse, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo mtolankhani wanu anazilemba ngati nzeru zakuya osafunsako munthu wina aliyense. Ine ndaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri ndisanapume, ndipo sindingakhale chete pamene ana akupotozedwa maganizo pamaso pa aphunzitsi awo.

Nambala ya mkuluyo ndi yoona, sindikuitsutsa. Mu mpweya umene timapuma, nayitrojeni ndi 78 peresenti, okosijeni 21 peresenti, ndipo kaboni dayokisaidi ndi tizigawo pafupifupi 420 pa miliyoni imodzi, kutanthauza mbewu zinayi zokha pa mbewu za chimanga 10,000. Koma mkuluyo anawerenga kuchuluka kwa chinthu osafunsa ntchito yake, ngati munthu amene anganene kuti mankhwala a anankafumbwe ndi opanda pake poti m'thumba la makilogalamu 50 timangothiramo tisupuni tochepa.

Nkhani yake imayambira pa dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya mosavutika kwenikweni n'kufika pansi, kumene kumatenthetsa nthaka, malata, phula la mumsewu ndi madzi a m'nyanja ya Chilwa. Chinthu chilichonse chimene chatenthedwa chimatulutsanso kutenthako ngati kuwala kwa mtundu wina kumene maso athu saona, kumene asayansi amakutcha infuraredi. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi mbaula makala atazilala amakudziwa kuwalaku, chifukwa ngakhale malawi kulibe, nkhope imamvabe kutentha, ndipo ukatchinga ndi chikhatho kutenthako kumaleka nthawi yomweyo. Khoma la njerwa limene lawombedwa dzuwa la mu Okutobala limachita chimodzimodzi madzulo ukaima pafupi nalo. Dziko lapansi lilibe njira ina yotayira kutentha kwake kuthambo koma imeneyi, popeza kunja kwa mpweya wathu kulibe mphepo kapena madzi oti n'kunyamula kutenthako.

Apa ndi pamene mkulu uja anaphonya. Nayitrojeni ndi okosijeni, ngakhale ndi 99 peresenti ya mpweya wouma, sizigwira kuwala kosaonekaku, ndipo kumadutsa mwa izo ngati mmene kuwala wamba kumadutsira pa galasi loyera. Chifukwa chake chili m'kapangidwe: kachidutswa ka nayitrojeni kapena ka okosijeni kali ndi maatomu awiri ofanana, ndipo kanjenjemeredwe kake sikakola kuwala kumeneku. Kachidutswa ka kaboni dayokisaidi kali ndi maatomu atatu, limodzi la kaboni pakati ndi awiri a okosijeni m'mbali, ndipo kamatha kupindika ndi kugwedezeka m'njira imene imakola kuwala kochokera pansi. Kakakola, kamagawira kutenthako mpweya wozungulira ndi kutulutsanso kuwala mbali zonse, kwina kupita kumwamba, kwina kubwerera pansi. Choncho pa ntchito yosunga kutenthayi, 99 peresenti ija ndi oonerera chabe, ndipo ogwira ntchito enieni ndi mipweya yochepa ija pamodzi ndi nthunzi ya madzi.

Ndinkawaonetsa ophunzira anga zimenezi ndi ndowa, ndipo mkuluyo akafuna ndikhoza kumubwereka yanga. Tengani ndowa ya malita 20 ya madzi oyera, muponyemo ndalama yachitsulo, ndipo mudzaiona bwinobwino pansi. Tsopano 0.04 peresenti ya malita 20 ndi mamililita 8, pafupifupi tiyisupuni imodzi ndi theka. Thiranimo inki yakuda yochuluka chomwecho, mutakase, kenaka muyang'anenso ndalama ija. Madzi akadali 99.96 peresenti ya zimene zili m'ndowamo, koma kuwala sikukudutsanso monga kale, chifukwa madzi sanali kutchinga kanthu chiyambire ndipo inki yokhayo ndiyo ikulamula. Kwa kuwala kwa infuraredi, kaboni dayokisaidi ndi inki imeneyo. Ndipo mpweya si ndowa yosaya, ndi wakuya makilomita ambiri pamwamba pa mitu yathu. Mutati musonkhanitse kaboni dayokisaidi yense wa m'mlengalenga n'kumuyala pansi payekha, angakute dziko lonse ndi muyalo wokhuthala pafupifupi mamita atatu, kutalika kwa khoma la nyumba. Kodi zimenezo n'zimene mkulu wathu akuzitcha kanthu kochepa?

Zimenezi sizinayambe ndi mabungwe a masiku ano amene mkuluyo ankawanyogodola. Mayi wina wa ku Amereka, Eunice Foote, anaonetsa mu 1856 kuti botolo lodzaza kaboni dayokisaidi limatentha kwambiri padzuwa kuposa la mpweya wamba. John Tyndall anayeza mu 1859 n'kupeza kuti mpweyawu ndi nthunzi ya madzi zimakola kutentha pamene nayitrojeni ndi okosijeni sizitero, ndipo mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Swideni anawerengera ndi pensulo mmene dziko lingatenthere mpweyawu utachuluka. Pakanapanda mipweya yosunga kutenthayi, imene ili ngati bulangete la dziko, kutentha kwa dziko lonse mukakugawa mofanana kukanakhala madigiri pafupifupi 18 pansi pa ziro m'malo mwa madigiri 15 amene tili nawo, ndipo mtsinje wa Likangala ukanakhala mwala wa madzi oundana. Bulangete silipanga kutentha, limangochedwetsa kutentha kwa thupi kuti kusathawe msanga, ndipo vuto lathu ndi loti tikuwonjeza bulangete lachiwiri pa munthu amene anali atafunda kale mokwanira. Mafakitale asanayambe kuwotcha malasha ndi mafuta, mpweyawu unali tizigawo 280 pa miliyoni. Pamene Charles Keeling ankayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 unali pafupifupi 315, ndipo lero wadutsa 420. Pa ndowa yathu ija, inki yachoka pa tiyisupuni imodzi kufika pa imodzi ndi theka.

Wina anganene kuti ngati inki yoyamba inadetsa kale madzi, yowonjezerayo isinthanji. Ife a ku Zomba yankho lake timalidziwa ndi khungu lathu. Amene anakwerapo kupita ku Ku Chawe amadziwa kuti ukachoka pamsika ukutuluka thukuta, pamwamba umafika ukufuna juzi, chifukwa mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6 pa kilomita iliyonse imene wakwera. Kutentha kumene kumathawiradi kuthambo kumachokera m'mwamba, pamene mpweya wapyapyala kotero kuti palibenso chokutchinga. Mukawonjeza kaboni dayokisaidi, malo othawirawo amakankhidwira m'mwamba kwambiri kumene kuli kozizira, ndipo chinthu chozizira chimatulutsa kutentha kochepa. Dzuwa likupitiriza kulowetsa kutentha kofanana ndi kale pamene kotuluka kwachepa, ndiye pansi pamayenera kutentha mpaka zolowa ndi zotuluka zitafanananso. Kufikira lero dziko latentha kupitirira digiri imodzi poyerekeza ndi nthawi imene mafakitale ankayamba.

Ndivomereze kuti nthunzi ya madzi imasunga kutentha kochuluka kuposa kaboni dayokisaidi, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti usiku wa mu Juni wopanda mitambo umazizira mpaka kuluma zala, pamene usiku wa mitambo ndi chinyezi umafunda. Koma nthunzi sikhalitsa kumwamba. Pakangopita masiku ochepa imagwa ngati mvula, ndipo kuchuluka kwake kumadalira mmene mpweya watenthera. Kaboni dayokisaidi sagwa ngati mvula, ndipo gawo la amene tatulutsa lero lidzakhalabe kumwamba zaka mazanamazana. Iye akatenthetsa mpweya digiri imodzi, mpweyawo umatha kunyamula nthunzi yowonjezera pafupifupi 7 peresenti, nthunziyo n'kuwonjeza kutentha kwinanso. Nthunzi yomweyo ndiyo imachititsa kuti namondwe akabwera akhuthule madzi ochuluka nthawi imodzi. Sindikunena kuti mpweyawu ndiwo unabereka namondwe wa Freddy amene anatiliza m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023, koma kuima pamaso pa ana amene ena mwa iwo anagona m'makalasi nyumba zawo zitagwa, n'kuwauza kuti nkhaniyi ndi nthabwala, ndi kusowa ulemu.

Chimene chikundinyansa kwambiri n'chakuti mkuluyo sali yekha. Pa misonkhano yambiri timangomva mawu akuti "mpweya woipa", ngati kuti tikukamba za fungo la kudzala, pamene kaboni dayokisaidi alibe fungo kapena mtundu, ndipo chimanga chathu chimamufuna kuti chikule. Ena amasakaniza nkhaniyi ndi ya kubooka kwa ozoni, mpweya wa m'mwamba umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa, n'kumauza anthu kuti thambo labooka ndiye dzuwa likulowa lambiri, pamene izi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ngakhale dzina loti girinihausi, limene amatchulira kusunga kutentha kumeneku pofanizira ndi nyumba yolimamo mbewu, limasocheretsa pang'ono, chifukwa nyumba ya pulasitiki yolimamo tomato imatentha makamaka poti mpweya wotentha watsekeredwa osatuluka, monga minibasi imene yatsekedwa mazenera pa depoti masana. Ndipo alendo olemekezeka omwewa akamaliza kubzala kamtengo kamodzi n'kujambulitsa, amadutsana ndi njinga zonyamula makala zikutsika m'phiri, mwinanso kuima n'kugula thumba limodzi la kunyumba. Dziko lathu limatulutsa kaboni wochepa kwambiri poyerekeza ndi mayiko a mafakitale, koma mtengo uliwonse umene wasanduka makala umabweza kumwamba kaboni amene unasunga zaka zambiri.

Pempho langa ndi lalifupi. Nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, mothandizana ndi aphunzitsi a sayansi a pa yunivesite imene tili nayo mumzinda momwe muno, ilembe tsamba limodzi lokha m'Chichewa lofotokoza zimenezi, ndipo aliyense woitanidwa kudzalankhula pa mwambo wobzala mitengo aziliwerenga asanapatsidwe maikolofoni. Inunso akonzi, mtolankhani wanu akamva nambala yonenedwa monyada, aziyamba waimbira foni wodziwa asanaisindikize. Ndowa ndi botolo la inki ndili nazo kunyumba, ndipo ndikhoza kubwera nazo pa mwambo wa chaka chamawa ngati okonza angandipatse mphindi zisanu.

Mphunzitsi wopuma,
Matawale, Zomba