Kuchezeretsa ana usiku sikungawakhozetse mayeso

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za zimene sukulu ina yasekondale muno mu Blantyre yachita sabata yathayi. Usiku woti mawa lake ana a Fomu 4 ayamba mayeso oyeserera, aphunzitsi anawatsekera m'kalasi kuti awerenge mpaka 3 koloko m'bandakucha. Makolofe tinauzidwa kuti titumize khofi ndi shuga. Amene ankasinza anawauza kuti aviike mapazi m'beseni la madzi ozizira, ndi kuzizira kwa chiperoni kuno. Mwana wa mchemwali wanga, amene ndikumulera, anali m'gulumo.

M'mawa mwake atalandira pepala la masamu, mtima unayamba kugunda kwambiri, manja kunjenjemera, ndipo mafunso amene amawakhoza masiku onse kunyumba anangowayang'ana. Woyang'anira atamuona anamuuza kuti azipuma mwamphamvu. Mwana anamvera, nayamba kukoka mpweya motsatizana, kenaka zala ndi milomo zinachita dzanzi, chizungulire n'kumugwira. Anamutulutsa panja. Madzulo ake mphunzitsi wamkulu anandiuza kuti, “Mayi, mwana wanuyu ndi wamantha chabe.” Wamantha? Mwamulanda tulo, mwamumwetsa khofi usiku wonse, ndiye mlandu ukhale wake? Bambo aphunzitsi, inuyo mungayimirire kutsogolo kwa kalasi n'kuphunzitsa bwinobwino mutagona maola awiri okha?

Achipatala amanena kuti mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Tulo si ulesi. Pamene munthu wagona m'pamene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana, ndipo amene sanagone amavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, amaiwala msanga, komanso kanthu kakang'ono kamamudzidzimutsa. Khofi naye sachoka m'thupi mwachangu. Pakapita maola pafupifupi 5, theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi, ndipo mphamvu imeneyi ndi yomwe imathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja. Mwana amene wamwa makapu angapo pakati pa usiku amalowa m'chipinda cha mayeso thupi lake likuchita kale zonse zimene limachita munthu akaopa. Akangoona funso lovuta, zatha.

Langizo la kupuma mwamphamvu lija ndi limene linandipweteka koposa, chifukwa ndi lolakwika. Munthu akamapuma mofulumira ndi mwamphamvu amatulutsa mpweya wogwiritsidwa kale ntchito wochuluka kuposa muyezo, ndipo kuchepa kwake m'magazi ndi kumene kumabweretsa dzanzi ndi chizungulire. Mwana akamva zimenezo amaganiza kuti akukomoka, ndiye amapumanso mofulumira kuposa poyamba. Chofunika ndi kuchedwetsa kapumidwe, makamaka potulutsa mpweya, chifukwa kutulutsa pang'onopang'ono ndi kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mwana ayike cholembera pansi, mapazi onse apondetse pansi, dzanja limodzi aliyike pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno modekha akuwerenga mumtima mpaka 4, kenaka autulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6, ngati akupepeza phala lotentha. Kupuma kumodzi kotere kumatenga masekondi pafupifupi 10, kotero akapuma kasanu ndi kamodzi ndiye kuti yatha mphindi imodzi yokha. Pa pepala la maola awiri, mphindi imodzi kapena ziwiri sangazilire. Adziwa kuti akuchita bwino ngati dzanja la pamimba likukwera ndi kutsika koma mapewa ali phee. Mapewa akamakwera, kapena chizungulire chikamabwera, ndiye kuti akukoka mpweya wambiri, achepetse. Mtima ukakhazikika asabwerere ku funso limene linamuopseza, ayambe ndi limene akulidziwa.

Koma izi sizigwira ntchito mwana akaziyamba tsiku la mayeso lomwelo. Aziyeserera mphindi ziwiri kapena zitatu m'mawa ndi pogona kwa masabata angapo, kuti mantha akabwera thupi likhale litazolowera. Ndipo tisanamizane, kupuma sikulowa m'malo mwa kuwerenga, komanso si mankhwala a mphumu. Mwana amene chifuwa chikumulira, amene wakomoka, kapena amene masabata akutha osagona ndi osadya chifukwa cha nkhawa, apite kuchipatala.

Sukulu ija idzati nthawi ndi yochepa ndipo silabasi ndi yaitali. Tiyeni tiwerengere. Mwana wa ku Bangwe amene pepala lake likuyamba 8 koloko, ndipo akwera minibasi kudzera ku Limbe, ayenera kudzuka 5 koloko. Kuti apeze maola 8, akhale atagona pofika 9 koloko usiku. Akayamba kuwerenga 5 koloko madzulo, akhoza kuwerenga mphindi 40, kupumula mphindi 10, n'kuchita zimenezi katatu. Pofika hafu pasiti 7 wawerenga maola awiri athunthu mutu uli bwino, ndipo yatsala nthawi ya nsima, kusamba ndi kulongedza zolembera, rula ndi chiphaso cha mayeso. M'mphindi 40 zimenezo asamangoyendetsa maso m'kope. Atseke kope, ayankhe mafunso a mapepala akale, kenaka aone pamene walakwa. Mphindi 10 zopumula zija aimirire, amwe madzi, atuluke panja. Foni ayi, chifukwa akangoigwira mphindi 10 zimasanduka ola. Kupumula kumeneku kukonzedwe asanayambe, osati kudikira kuti awerenge mzere umodzi katatu osaumva. Akafika pamenepo ndiye kuti anachedwa kale kuimirira.

Ndipo makolofe tilinso ndi mlandu. Mwana wamkazi akaweruka kusukulu amatunga madzi, amaphika, amatsuka mbale, ndiye nthawi yowerenga imene timamusiyira ndi ya usiku. Magetsi akazima amawerenga ndi kandulo. Anzathu oyandikana nawo amatsegula wailesi mpaka pakati pa usiku, mabala a m'makwalala mwathu osanena. Pamwamba pa zonsezo timamukumbutsa tsiku lililonse za fizi imene talipira ndi mapointi amene mwana wa uje anapeza. Ngakhale ana a Sitandade 8, ana aang'ono, akumawadzutsa kusanache kuti akawerenge. Tikuwakonzekeretsa mayeso kapena tikuwadwalitsa?

Ndikupempha Unduna wa Zamaphunziro, kudzera ku ofesi yake yoyang'anira sukulu za chigawo chino, uletse mchitidwe wochezeretsa ana usiku mayeso a MSCE asanafike. A MANEB, pophunzitsa oyang'anira mayeso, muwonjezereko mphindi zochepa zowaonetsa chochita mwana akagwidwa ndi mantha. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi afunse kuti ana ogonera pasukulu amazimitsa nyali nthawi yanji. Ndipo mphunzitsi aliyense wa Fomu 4 atenge mphindi ziwiri zoyambirira za phunziro lake kupumitsa ana mwa njira ndafotokozayi, kuyambira Lolemba likubwerali.

Kholo lokhumudwa,
Chilomoni, Blantyre